ZIPERE ZA M'MUTU: MAFUTA OPAKA SAFIKA KUMENE KULI MATENDA

CHONGWE. Pa sukulu za pulaimale za m'boma la Chongwe, kuyambira ku Ngwerere ndi ku Kasisi kufikira ku Chalimbana ndi ku Kanakantapa, ana akaima pa mzere m'mamawa sipalephera kuoneka mitu ingapo yokhala ndi mabala ozungulira, otuwa monga pothiridwa phulusa, pamene tsitsi linathothoka. Izi ndizo zipere za m'mutu. Makolo ambiri amaziona ngati kanthu kocepa kamene mwana aliyense ayenera kupitamo, ndipo amagula mafuta opaka pa msika kapena kufuna mankhwala a kumudzi. Miyezi imapita, ndalama zimatha, koma mabala aja amangoonjezeka.

Cifukwa cake ncimodzi. Zipere za pa nkhope, pa mkono kapena pa mimba zimakhala pamwamba pa khungu, ndipo mafuta opaka amazipha. Koma za m'mutu zimalowa m'kati mwa tsitsi leni-lenilo, pansi pa khungu, kumene mafuta sangathe kufika. Matenda amenewa amacira ndi mankhwala akumwa, omwedwa tsiku ndi tsiku kwa masabata 6 kufikira 8.

CIMENE CIMADYA TSITSI

Zipere sizibwera kaamba ka njoka za m'mimba, kapena magazi oipa, kapena cakudya cimene mwana anadya. Ncifukwa cace mapilisi a njoka za m'mimba amene ana amalandira ku sukulu sacita kanthu pa zipere. Cimene cimabweretsa matendawa ndi kacomera kakang'ono zedi, kosaoneka ndi maso, ka mtundu umodzi ndi nkhungu imene imamera pa nsima yogona kapena pa cimanga cosungidwa cisanaume. Nkhungu ya pa nsima imadya nsima. Iyi imadya tsitsi, zikhadabo ndi khungu lakunja.

Njere zace, zimene ndi zazing'ono kuposa fumbi, zikagwera pa mutu wa mwana zimayamba kumera pa khungu. Kenaka zimatsata tsinde la tsitsi ndi kutsikira m'kadzenje kamene tsitsilo limaphukiramo. Tsitsi lirilonse liri ndi kadzenje kace-kace, kakuya mamilimita 3 kapena 4, ndipo pansi pa kadzenjeko ndi pamene tsitsi latsopano limapangika. Nkhungu ija imaboola tsitsi likali lanthete pafupi ndi muzu, nikhala m'kati mwace. Tsitsi likamakula limaturuka pamwamba litadyeka kale, lodzala ndi njere, ndipo limathyokera pa khungu peni-peni. Kucokera pa tsiku limene njere zinagwera pa mutu kufikira pamene bala liyamba kuoneka pamapita masabata 2 kapena 3.

Mlimi aliyense adziwa mbozi imene imalowa m'phesi la cimanga. Ikalowa m'kati, ngakhale munthu atsuke masamba motani, mboziyo imapitirizabe kudya. Ndi mmene ziriri ndi mafuta opaka pa zipere za m'mutu. Mafutawo amapha nkhungu ya pamwamba, bala limaoneka losalala, kuyabwa kumacepa, ndipo mai amaganiza kuti mwana wacira. Koma pansi pa khungu tsitsi lirilonse likali ndi matenda, ndipo mafuta akangotha phulusa lija limabweranso.

Matendawa amakonda ana a zaka za pakati pa 3 ndi 14. Mwana akatha msinkhu khungu la m'mutu limayamba kuturutsa mafuta ace acibadwa amene nkhunguyi siwakonda, kotero kuti kwa ambiri zipere zimazilala zokha. Apa ndi pamene panacokera mau akuti "zidzatha akakula". Koma mwana wa zaka 7 amene ayembekeza kutha msinkhu adzakhala zaka zambiri akupatsira anzace, ndipo angafike pa msinkhuwo ali ndi dazi losameranso tsitsi.

MMENE ZIMAYENDERA PAKATI PA ANA

Pali mitundu ingapo ya nkhunguyi. Ina imacokera ku amphaka, agaru ndi ana a ng'ombe amene ali ndi mabala othothoka ubweya. Koma kufufuza kumene kunacitika mu Lusaka, kumene zotsatira zace zinasindikizidwa m'caka ca 1989, kunaonetsa kuti mtundu wocuruka kuno ndi uja wocoka kwa munthu kupita kwa munthu mnzace. Ici citanthauza kuti mwana wodwala zipere kawiri-kawiri anazitenga kwa mwana mnzace, osati ku ciweto.

Njira yoyamba ndiyo kugundana mitu. Ana amalimbana posewera, amaweramira pa buku limodzi, ndipo usiku amagona pa mphasa imodzi ndi kufunda bulangete limodzi. Kuyambira m'caka ca 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana ambiri amene anali kukhala pa nyumba analowa m'makalasi. Ici ncabwino, koma m'sukulu zambiri ana acuruka pa desiki limodzi, ndipo mitu imayandikana tsiku lonse.

Njira yaciwiri ndiyo zinthu zobwerekana. Tizidutswa ta tsitsi lothyoka timatsalira m'mano a cisakulo, m'cipewa, m'citambala, pa thaulo ndi pa mtsamiro. Njere za nkhunguyi sizifa msanga. Zikhoza kukhala ndi moyo miyezi yambiri pa cisakulo couma cimene cagona pa zenera.

Njira yacitatu, imene iri yoopsya kweni-kweni sabata lotsegulira sukulu, ndiyo kumeta. Ana amafunika kufika ku sukulu atameta bwino, kotero ometa tsitsi pa msika amalandira anyamata ambiri motsatana tsiku limodzi. Makina ometera akadutsa pa bala la mwana mmodzi amatola njere m'mano ace, ndipo pometa wotsatira amakanda khungu pang'ono ndi kubzyalamo njerezo. Kupukuta makina ndi kaburashi kokha sikucotsa matenda. Cimodzi-modzinso ku mudzi, kumene atate kapena mkuru wace amameta ana onse a pa khomo ndi lumo limodzi.

Palinso anthu onyamula matenda koma osadwala. Mai, agogo kapena mlongo wamkuru akhoza kukhala ndi njere m'mutu popanda bala lirilonse, kapena ndi timamba toyera towerengeka tokha. Nthawi zina ici ndico cifukwa cace mwana amacira bwino-bwino koma nkudwalanso patapita miyezi iwiri.

KUZINDIKIRA ZIPERE

Si zipere zonse zimene zimaoneka monga bala lozungulira la phulusa. Kwa ana ena pamene tsitsi lacoka pamaoneka timadontho takuda tonga tsabola wosinja. Tumeneto ndi zitsa za tsitsi lothyokera pa khungu. Kwa ena mutu wonse umangocita timamba toyera tonga gaga, tsitsi nkumacepa pang'ono-pang'ono. Mwana wosatha msinkhu sakhala ndi gaga wotere kawiri-kawiri popanda cifukwa, kotero ayenera kupimidwa. Cizindikiro cina cothandiza ndico mwanabere kumbuyo kwa khosi kapena kuseri kwa makutu. Bala losalala ngati cikhatho, lopanda timamba, lopanda zitsa ndiponso losayabwa, lingakhale matenda ena, ndipo a cipatala ndiwo angasiyanitse.

Mtundu woopsya koposa ndi uja umene mutu umatupa pamalo amodzi, nufewa ngati papaya lakupsya, nuturutsa mafinya m'timaenje tambiri, tsitsi nkumazuka lokha popanda kulikoka. Ambiri amati ndi cithupsa ndipo amafuna kuciboola kapena kutemera mphini. Kumeneko nkulakwa. M'kati mulibe thumba la mafinya lofunika kutumbula. Ndi thupi limene likulimbana ndi nkhungu mwamphamvu. Kuceka kumangoonjezera cipsyera, ndipo mankhwala a zironda okha sacithetsa. Mwana wotere apite ku cipatala tsiku lomwelo, cifukwa kucedwa kumaononga mizu ya tsitsi, ndipo pa cipsyera tsitsi silimeranso moyo wace wonse.

MMENE MANKHWALA AKUMWA ANAPEZEKERA

Kuti zipere za m'mutu sizimva mafuta opaka, madokotala anacidziwa kale. M'zaka za m'ma 1840 dokotala wina wa mu mzinda wa Paris, David Gruby, anaona nkhunguyi m'kati mwa tsitsi pogwiritsa nchito galasi lokuza zinthu. Koma kwa zaka zoposa 100 panalibe mankhwala oifikira. Cimene anali kucita ndico kuzula tsitsi lonse la mwana. Poyamba anali kuzula ndi manja kapena ndi phula. Pambuyo pace, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, anayamba kuunika mitu ya ana ndi ekisire kuti tsitsi ligwe lonse pamodzi ndi matenda. Ana zikwi zambiri m'maiko osiyana-siyana anacitidwa zotere, ndipo ena a iwo atakula anadwala khansa ya m'mutu ndi ya pakhosi kaamba ka kuunikidwa kuja.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1958, pamene katswiri wa ku Glasgow, James Gentles, anamwetsa mbira zodwala zipere mankhwala ochedwa girisiyofuluvini, ndipo zinacira. Posakhalitsa mankhwalawa anayamba kupatsidwa kwa anthu, ndipo kufikira lero ndiwo odziwika koposa pa zipere za m'mutu mwa ana.

Kagwiridwe kace ka nchito ndi aka. Pilisi likamwedwa limalowa m'magazi, ndipo magazi amalifikitsa ku muzu wa tsitsi. Tsitsi latsopano limene likupangika limatenga mankhwalawo m'kati mwace, ndipo nkhungu imalephera kulowamo. Mankhwalawa sapha nkhungu imene iri kale m'tsitsi lakale. Amangoitsekera njira yopita pansi. Tsono tsitsi latsopano likamakula limakankhira cigawo codwala kunja mpaka citaturuka conse. Tsitsi la munthu limakula pafupi-fupi sentimita 1 pa mwezi, ndipo palibe angalifulumize. Ici ndico cifukwa cace mankhwala amwedwa masabata ambiri. Akalekezedwa pa njira, nkhungu imene yatsala m'kadzenje imatsikiranso ku muzu, ndipo nchito yonse imabwerera pambuyo.

CITSANZO CA MWANA MMODZI

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 8 wa m'giredi 2, wa pa mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Chongwe. Anameta pa msika masiku awiri sukulu isanatsegulidwe m'Januwale. Pofika kumapeto kwa mwezi womwewo pa liwombo panaoneka bala laling'ono ngati ndalama yacitsulo. Mai ace anagula mafuta a zipere napaka mwezi wonse wa Febuluwale. Balalo linayera, koma m'Malici linabweranso, ndipo pambali pace panabuka ena awiri.

Ku kiliniki anyanchito a zaumoyo amayamba ndi kuyang'ana mabala, kufuna zitsa za tsitsi ndi kukhudza kumbuyo kwa khosi. Akatero amaika mwana pa sikelo, cifukwa muyeso wa mankhwala utsata kulemera kwa thupi, osati zaka. Muyeso umene umagwiritsidwa nchito kawiri-kawiri ndi mamiligalamu 20 pa kilo iriyonse ya thupi pa tsiku. Mnyamatayu alemera makilo 25, kotero afunika mamiligalamu 500 pa tsiku, ndilo pilisi limodzi lalikuru. Pa masabata 6 mapilisi ace ndi 42; akafunika masabata 8 ndi 56. Mng'ono wace wa makilo 12 sangamwe pilisi lomwelo, pakuti muyeso wace ndi pafupi-fupi theka. Ncifukwa cace si bwino kugawira ana a pa nyumba mapilisi a mwana mmodzi: wina amalandira ocuruka, ndipo mwini wace amaperewedwa masiku.

Pali cinthu cimodzi cimene ambiri saciziwa kapena amaciiwala. Girisiyofuluvini salowa bwino m'magazi ngati m'mimba mulibe cakudya ca mafuta. Akamwedwa ndi madzi okha m'mimba yopanda kanthu, cigawo cacikuru cimangodutsa. Pilisi limwedwe pamodzi ndi phala lothira nsinjiro, ndiwo zotendera, nshawa zokazinga zodzala dzanja, kapu ya mkaka, dzira lokazinga kapena kotapela. Nthawi yabwino kwa mabanja ambiri ndi ya nsima ya madzulo, pamene mwana ali pa nyumba ndipo munthu wamkuru angaone kuti wamezadi. Mwana wolephera kumeza amusinjire pilisi m'supuni ya ciponde.

M'masabata awiri oyamba kuyabwa kumaleka. M'sabata lacitatu ndi lacinai phulusa lija limacoka ndipo khungu limaoneka loyera. Iyi ndiyo nthawi ya ngozi, pakuti apa mpamene mabanja ambiri amalekera, poona ngati mwana wacira. Koma tsitsi latsopano likhala litakula cabe sentimita 1 kapena kucepera apo, ndipo matenda akali m'timaenje tina. Pakati pa sabata lacinai ndi lacisanu ndi cimodzi m'mabala mumayamba kuphuka tsitsi lofewa. Tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha: pilisi limodzi pa tsiku, kufikira lotsiriza. Kucita cizindikiro pa kalenda kapena pa cikuto ca buku tsiku lirilonse kumathandiza kuwerenga. Mwana akaiwala tsiku limodzi asamwe awiri mawa lace. Apitirize monga mwa masiku onse. Ngati ku kiliniki apatsidwa a masabata awiri okha, mai abwerereko mapilisi asanathe.

Pakutha kwa masabata 6 mwana aonedwenso. Ngati timamba kapena zitsa zakuda zikalipo, a cipatala amaonjezera masabata ena awiri. Tsitsi lonse kuti lifanane ndi linzace pamapita miyezi 3 kapena kuposerapo, ndipo kucedwa kumeneku sikutanthauza kuti mankhwala alephera. Koma ngati patatha masabata 4 akumwa mokhulupirika palibe kusintha konse, pafunika kufunsa mafunso: kodi pilisi limamwedwa ndi cakudya ca mafuta? Kodi muyeso unakwanira? Kodi pa nyumba pali wina amene akumpatsiranso? Zonsezi zikakhala bwino, mwana amatumizidwa ku cipatala ca boma ca Chongwe, kapena kwa akatswiri a khungu ku cipatala cacikuru ca UTH mu Lusaka, kumene angapale timamba ndi kuzula titsitsi towerengeka kuti atipime. Alipo mankhwala ena akumwa ochedwa tebinafini, amene pa mtundu wopatsirana pakati pa anthu amagwira nchito m'masabata 4, koma pa mtundu wocokera ku amphaka ndi agaru mphamvu yace ndi yocepa. Wosankha ndi wa cipatala.

ZOYENERA KUCENJERA NAZO

Ana ambiri amamwa girisiyofuluvini popanda bvuto. Ena amamva mutu, mseru kapena kutsegula m'mimba pang'ono masiku oyamba, ndipo khungu la ena limapsya msanga ndi dzuwa. Koma mwana akaturuka zidzolo thupi lonse, akatupa nkhope, akamasanza kosalekeza, kapena maso akacita cikasu ndi mkodzo kuderako, aleke kumwa ndi kubwerera ku cipatala msanga. Mwana amene ali ndi matenda a ciwindi kapena akumwa mankhwala ena a masiku onse, makolo anene zimenezi asanalandire mapilisi.

Akuru-akuru asamwe mapilisi a mwana. Mai wapakati sayenera kumwa girisiyofuluvini cifukwa akhoza kuononga mwana m'mimba. Mankhwalawa amafooketsanso mapilisi olera, ndipo sagwirizana ndi mowa.

Pali mafuta ena ogulitsidwa m'misika, maka-maka aja oyeretsa khungu ndi oletsa kuyabwa, amene muli mankhwala ofooketsa citetezo ca khungu. Akapakidwa pa zipere bala limaoneka ngati lapola m'masiku owerengeka, pamene nkhungu ikufalikira mosabvutika. Madzi a m'batire, mafuta a mabuleki, palafini ndi utomoni woocha wa mitengo zimapsyereza khungu ndi mizu ya tsitsi, koma nkhungu ya pansi siifika. Dazi limene zinthu izi zimasiya ndi loipa kuposa zipere zimene.

NCHITO YA PA NYUMBA NDI KU SUKULU

Mankhwala osambira m'mutu ali ndi nchito yace, ngakhale saciritsa paokha. Sopo wamadzi wokhala ndi ketokonazo, wosambira kawiri pa sabata ndi kusiya thobvu m'mutu mphindi 5 lisanatsukidwe, amacepetsa njere zimene mwana amamwaza. Kumeta mpala sikuciritsa, popeza lumo limadula pamwamba pokha. Ngati mwana ameta, likhale lumo latsopano la iye yekha, ndipo tsitsi lometedwalo liochedwe.

Tsiku limene mwana ayamba mapilisi, zisakulo zonse za pa nyumba zitsukidwe ndi sopo ndi kuviikidwa m'madzi a jiki kapena m'madzi owira, ndipo cakale cothyoka mano citayidwe. Zipewa, zitambala, mathaulo ndi nsaru za pa mtsamiro zicapidwe ndi madzi otentha, ziyanikidwe pa dzuwa ndi kusitidwa. Ana onse ogona naye pamodzi aonedwe m'mutu pa kuwala, ndipo aliyense wokhala ndi bala kapena timamba apite ku kiliniki kukalandira muyeso wace-wace. Mphaka kapena garu wothothoka ubweya aonetsedwe kwa alangizi a ziweto. Ometa tsitsi acotse tsitsi lonse m'mano a makina, awatsuke ndi kuwaviika m'mankhwala ophera tizirombo asanamete munthu wina, ndipo kholo liri ndi ufulu woona kuti izi zacitika mwana asanakhale pa mpando.

Mwana amene wayamba kumwa mankhwala safunika kucotsedwa m'kalasi. Temu imodzi iri ndi masabata pafupi-fupi 13, ndipo kumusunga pa nyumba masabata 6 nkumutayitsa theka la maphunziro popanda phindu, popeza anzace anakhala naye kale pamodzi matenda asanadziwike. Cofunika kwa aphunzitsi ndico kuyang'ana mitu ya ana poyamba pa temu ndiponso patapita masabata 3, pamene zipere zotengedwa kometa zimaonekera, ndi kulembera makolo kalata yopita nayo ku kiliniki. Ana a kalasi imodzi akalandira mankhwala pa nthawi imodzi, matenda sapeza mutu wobisalamo kuti adzabwerenso temu yotsatira.